Kodi "mwadzuka bwanji" amatha nthawi yanji? Apongozi andibwezera moni wina

Mtengwa_Dedza
Abale anga ndithandizeni, nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwathu tinkangoyang'ana wotchi: isanakwane 12 koloko ndi "mwadzuka bwanji", ikapitirira ndi "mwaswera bwanji". Panopa ndili kumudzi kwa amuna anga kuno ku Dedza, tabwera kudzathandiza kukolola. Loweruka apongozi aakazi analawirira kumunda kusanache, ine ndinatsala m'nyumba ndi mwana amene anagona akutentha thupi. Anabwerako cha m'ma 12:30, dengu la chimanga lili pamutu. Ndinawatula, ndinagwada n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji amayi?" Iwo anakhala kaye chete, kenako anati, "Ife tadzuka bwino, kaya mwanayo wagona bwanji?" Sanakalipe ayi, koma ndinamva m'thupi kuti andikonza. Ndafunsa bambo a mwanayu, iwo akungoti zisiyeni. Kodi ndinalakwa pati, poti 12 inali itadutsa kale?

Chimz_25
Simunalakwe. 12 ikadutsa ndi masana, basi. Azimayi akuluakulu amangofuna pogwirira mtengwa.

NaPhiri_Mitundu
@Chimz_25 ayi, musawaipitse mayiwo, munthu wofuna pogwirira sayankha mofatsa choncho. Mwana wanga, funso loyamba si lakuti inali nthawi yanji. Funso n'lakuti, kodi tsiku limenelo munali mutaonana kale? Mwanena nokha kuti anachoka kusanache inu muli m'nyumba. Ndiye kuti simunadzutsane. Munthu amene mwagona naye pakhomo limodzi, koma simunamve mmene wagonera, moni wanu woyamba ndi wa usikuwo, ngakhale dzuwa litafika paliwombo. Mukatha pamenepo ndi pomwe mungafunse za kumunda.

Mtengwa_Dedza
Zoona amayi, sitinaonane m'mawa. Koma ndikanati "mwadzuka bwanji" munthu wagwira kale ntchito maola asanu ndi limodzi, sizikanamveka ngati ndikuwanena kuti angodzuka kumene?

MphunzitsiWopuma
Mantha amenewo ndikuwamvetsa, ndipo ana a m'tauni ambiri amene ndinawaphunzitsa anali nawo. Koma tamverani mawuwo mmene alili. Tikamati "mwadzuka bwanji" sitikuuza munthu kuti kunja ndi m'mawa. Tikumufunsa funso, ndipo funsolo ndi la usiku umene wadutsa: kodi wautha bwanji, thupi lili bwanji, panyumba pagona mtendere? "Mwaswera bwanji" nalonso ndi funso, la tsiku limene munthu walitha kapena walidyako kwambiri. Kuswera n'kukhala tsiku lonse pamalo kapena pantchito, monga timanenera kuti "ana aswera kudambo" kapena "ndaswera ndi njala". Choncho moni aliyense ali ndi gawo lake la nthawi limene akufunsa, ndipo gawolo liyenera kukhala kumbuyo kwa munthuyo, osati kutsogolo.

Tsopano tiike nkhani yanu pamenepo. Pa 12:30 apongozi anu anali ndi zinthu ziwiri kumbuyo kwawo: usiku wathunthu umene palibe anawafunsa, ndi theka la tsiku. Nsima ya masana anali asanadye, madzi anali asanasambe, kwa iwo tsiku linali lisanaswereke. Inu munalumpha usikuwo n'kufunsa za tsiku losatha. Komanso usiku umenewo sunali usiku wamba, mdzukulu wawo anagona akudwala. Ndikukhulupirira kuti ali kumundako mtima unali pa mwanayo. "Mwadzuka bwanji" akanatsegula khomo loti iwo anene kuti "tadzuka, kaya inu ndi mwana?" inu n'kufotokoza. Poti khomolo simunalitsegule, analitsegula okha. Taonaninso yankho lawo, muona kuti theka lake ndi funso la mwanayo.

Chimz_25
Ndiye aphunzitsi mukutanthauza kuti ndikakumana ndi munthu 4 koloko madzulo, poti sitinaonane m'mawa, ndizimufunsa kuti wadzuka bwanji? Anthu andiseka.

MphunzitsiWopuma
Ayi achimwene, pamenepo mwanena zoona, ndipo ndi pomwe pali malire. Dzuwa likapendeka, tsiku lomwe lakula kuposa usiku, ndiye aliyense ndi "mwaswera bwanji", kaya munaonana kaya simunaonane. Povuta ndi pakati apa, kuyambira cha m'ma 11 mpaka cha m'ma 1 kapena 2. Pamenepo wotchi siingakuthandizeni. Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri: kodi tadzutsana kale, ndipo kodi munthuyu waweruka n'kudya? Ngati sitinadzutsane ndipo nsima isanadyedwe, ndimapita ku "mwadzuka". Ngati mbale zatsukidwa kale, ndi "mwaswera".

Mai_Tadala
Ine nkhawa yanga ndi mwanayo. Ali bwanji panopa? Kutentha thupi nyengo ino musakuchedwetse, pitani naye akamuyeze malungo.

Mtengwa_Dedza
Zikomo kwambiri amake Tadala, tinapita naye Loweruka lomwelo madzulo, anamuyeza ndipo akumwa mankhwala. Lero wadya phala, akusewera.

WakuChipata
Moni nonse kuchokera kutsidya kuno. Kwathu ku Chipata m'mawa timati "mwauka bwanji", ndipo kuyambira masana mpaka usiku ndi "mwachoma bwanji". "Mwaswera" timamumva ndithu, makamaka kwa anzathu a ku Mchinji tikakumana pamsika, koma pakamwa pathu amene amatuluka ndi "mwachoma". Chomwe ndaona n'chakuti vuto la mlongo wathuyu ndi lomwelo kwathu. Agogo anga ukawauza "mwachoma bwanji" nkhuku zisanayambe kubisala pamthunzi ankakufunsa kuti, "Ndachoma kuti, poti ndili pomwe pano?"

Nyasulu_Mzuzu
Kumpoto timati "mwawuka uli" kapena "mwagona uli" m'mawa, "mwatandala uli" dzuwa likapendeka. Ndiye ndikamamva Achewa ena akunena kuti "mwatandala bwanji" ndimati anabwereka kwa ife.

NaPhiri_Mitundu
Anabwereka bwanji, poti amayi anga omwe sanapondeko kumpoto ankanena tsiku ndi tsiku? "Mwatandala bwanji" ndamumva m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, Kasungu, Dowa, ngakhale kuno kwathu. Ndi mawu athu tonse amenewo.

Nyasulu_Mzuzu
Kasungu ndi pakhomo pathu pomwe, mwandithandiza kale pamenepo.

NaPhiri_Mitundu
Nanga Mitundu ili pakhomo panu? Tisiye zimenezo, tingasokoneze nkhani ya mwana wa eni.

Mlonda_Kanengo
Ine ndiloleni ndibweretse yanga, chifukwa zimene anena aphunzitsi ndazionera panyumba panga. Ndimagwira ntchito ya ulonda, ndimalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa. Ndikafika kunyumba cha m'ma 7, ine ndi amene ndimafunsa mayi a kunyumba kuti "mwadzuka bwanji", chifukwa iwo agona. Koma iwo sangandibwezere funso lomwelo, ndadzuka kuti ine? Amati "mwachezera bwanji?" ndipo ndimawauza ngati kunali bata, ngati kunazizira, ngati agalu anauwa usiku wonse. Ndikadya ndimagona, n'kudzuka cha m'ma 2 masana. Pamenepo ana akachokera kusukulu amandipeza pakhonde n'kunena kuti "ababa mwadzuka bwanji?" ine n'kuwafunsa kuti "mwaswera bwanji kusukulu?" Nthawi imodzi, khonde limodzi, moni awiri osiyana, ndipo palibe amene walakwa.

Chimene chimandiwawa ndi kuntchito. Mabwana akamalowa pageti m'mawa ena amati "mwadzuka bwanji alonda", ndipo ndimayankha bwinobwino chifukwa ndi ulemu. Koma pali mayi mmodzi wosesa amene amati "kwacha bwanji achimwene, usiku unali bwanji?" Ameneyo ndimadziwa kuti wandiona kuti ndine munthu amene sanagone.

Chimz_25
Koma "mwachezera bwanji" si wa pamaliro ameneyo? Ine ndingaope kumuuza munthu wamoyo wake.

Mlonda_Kanengo
Kuchezera n'kusagona usiku wonse, kaya pamaliro, kaya pachinkhoswe, kaya pa gule, kaya pantchito. Mawuwo alibe tsoka.

Namwino_Usiku
Alonda mwandikhudza. Ife m'wodi timasamala kwambiri mawu amenewa. Wodwala sitimufunsa "muli bwanji" m'mawa, chifukwa ayankha kuti "ndili bwino" mwa chizolowezi ngakhale akubuula. Timati "mwagona bwanji?" ndipo pamenepo amamasuka: "ndagonako pang'ono", "sindinaone tulo", "chifuwa chinandigwira cha kum'bandakucha". Madzulo timati "mwaswerako bwanji?" kapena "mukupezako bwanji?" Ka "ko" kameneko musakaone kuchepa. Kamamuuza munthu kuti tikudziwa kuti sali bwino, sitikuyembekezera kuti anene kuti zonse zili bwino. Ndipo inu a ku Dedza, taonani kuti apongozi anu kwa iwo eni anati "tadzuka", koma kwa mwana wodwala anati "wagona bwanji". Anasankha mawu.

Koma ndili ndi funso langa lomwe sindinalipezere yankho. Munthu akabwera ndi wodwala 2 koloko usiku, ndimupatsa moni uti? Kuswera kunatha kalekale, kudzuka sikunafike.

MphunzitsiWopuma
Nthawi imeneyo makolo athu sankayenderana popanda chifukwa. Wogogoda pakati pa usiku ankamufunsa kuti "n'kwabwino?" kapena "kwagwanji?" ndipo ndikuganiza kuti moni wa nthawiyo ndi ameneyo.

Namwino_Usiku
"N'kwabwino?" kuchipatala sizingatheke aphunzitsi, munthu wanyamula mwana wokomoka. Ine ndimangoti "mwafika, khalani apa, chavuta n'chiyani?" Koma kwa anzanga a ntchito tikakumana pakhonde 3 koloko usiku, ena amati "mwaswera", ena amati "mwadzuka", ndipo tonse timadziwa kuti palibe akulondola.

Dj_Wamkulu
Bwanji osangoti "usiku wabwino"? Pawailesi timatero tsiku lililonse. M'mawa wabwino, masana abwino, madzulo abwino, usiku wabwino. Zosavuta, zogwirizana ndi wotchi, palibe apongozi angakubweze.

NaPhiri_Mitundu
Angakubweze ndithu mwana wanga, tayesa kukagwada pamaso pa apongozi n'kunena kuti "masana abwino" uone mmene akuyang'anire.

MphunzitsiWopuma
@Dj_Wamkulu sindikukana kuti mawu amenewo alowa, ndipo pawailesi ali ndi ntchito. Muulutsi akulankhula ndi anthu miyandamiyanda amene sangamuyankhe, ndiye funso silingamuthandize, afunika mawu ongopereka mafuno abwino. Koma anachokera ku Chingerezi, kumene moni amatchula nthawi ya tsiku n'kuthera pomwepo. Ndiye gwero la lamulo la 12 koloko limene mlongo wathu anakula nalo: tinatenga malire a moni wa Chingerezi n'kuwaika pa moni wathu. Moni wathu amafuna yankho, ndipo yankho limabweza funso. "Ndadzuka bwino, kaya inu?" "Ndadzuka bwino, zikomo." "Zikomo." Pakhomo la munthu ukapereka "masana abwino" wamutsekera pakamwa, alibe poti anenere kuti mwana wagona akutentha thupi.

Komanso "usiku wabwino" ndi wotsanzikana, si wokumana. Ndipo potsanzikana tili nawo athu: "mugone bwino", "gonani bwino", akuluakulu ankawonjezera kuti "mugone kutali ndi moto". M'mawa posiyana timati "muswere bwino". Mukaona bwino, chimene tafunira munthu posiyana ndi chomwe timadzamufunsa pokumana. Usiku "mugone bwino", m'mawa "mwagona bwanji". M'mawa "muswere bwino", madzulo "mwaswera bwanji".

Dj_Wamkulu
Chilankhulo chimasintha aphunzitsi. Ana anga amati "madzulo abwino adadi" ndipo sindiona vuto. Ulemu uli mumtima.

Gogo_wa_Mbare
Ine ndinabadwira ku Harare, bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito kuno. Anzathu Achishona ali nazo zonse ziwiri. Amayamba ndi kutchula nthawi, "mangwanani", "masikati", "manheru", kenako n'kufunsa, "mamuka sei?" kapena "maswera sei?" Mukuona kuti "kuswera" ndi mawu amodzimodzi ndi athu. Ndiye mwina a wailesi sakulakwa kwenikweni, bola asathere pa "madzulo abwino", apitirize n'kufunsa kuti mwaswera bwanji. Bambo anga mpaka kumwalira kwawo sanasiye "mwadzuka bwanji" m'nyumba, ngakhale panja ankalankhula Chishona.

Bwande_Joni
Inu mukukangana za mwadzuka ndi mwaswera, ana a masiku ano ndi "bho?" basi, m'mawa, masana, usiku. Mphwanga ndinamutumizira ndalama ya fizi, poyankha analemba "bho ankolo, zafika". Ngakhale kufunsa kuti ndadzuka bwanji kuno kobwera, ayi. Fiziyo yakweranso teremu ino, sindikudziwa kuti tithera kuti.

Chimz_25
"Bho" ndi wa pakati pa ife tokhatokha. Kwa ankolo analakwitsa ameneyo, mumuuze.

NaBanda_Leeds
Ndibwezeko nkhani kumene inachokera. Ine ndimaimbira foni amayi ku Nkhotakota Lamlungu lililonse, ndipo ndinaphunzira kuti moni ndi wa nthawi ya amene ukumufunsa, osati yako. Miyezi yozizira kuno ku England tili m'mbuyo ndi maola awiri, miyezi yotentha ola limodzi. Ndikaimba 11 koloko kuno mu Januwale, kumudzi ndi 1 koloko, achokera kale kutchalitchi ndipo mwina adya. Ine ndimati "mwaswera bwanji amayi", iwo amati "taswera, kaya iwe wadzuka bwanji kumeneko?" N'chimodzimodzi ndi zimene anena alonda. Koma mlungu umene anadwala, ngakhale ndiimbe nthawi yomweyo, ndinkayamba ndi "mwagona bwanji", chifukwa chimene ndinkafuna kudziwa ndi usikuwo.

Chinanso, a Dj akuti wotchi ndi yosavuta. Kuno mu Disembala 4 koloko kwada kale, mu Juni 9 koloko usiku kukuwalabe. Kwathu dzuwa limalowa pakati pa 5 ndi 6 kapena kupitirirako pang'ono chaka chonse, n'chifukwa chake makolo ankatha kudalira dzuwa osasochera.

Mtengwa_Dedza
Ndikumva tsopano. Koma ndifunsenso, chifukwa mawa lomwe ndikumana nazo. Tinene kuti ndawadzutsa 5 koloko m'mawa asanapite kumunda, n'kubwerako 11 koloko. Pamenepo nditi chiyani? Kubwereza "mwadzuka" sindingathe, "mwaswera" nthawi isanakwane.

NaPhiri_Mitundu
Kubwereza ayi, angakuuzeni kuti "tadzutsana kale", ndipo zimaoneka ngati m'mawa munafunsa mtima uli kwina. Pamenepo moni ndi wa ntchito imene achokera. Muwachingamire, muwatule dengu, muwapatse mpando kapena mphasa ndi madzi akumwa. Musafunse akadali chiimire katundu ali pamutu. Akakhala pansi n'kupuma, mugwade chapambali n'kunena kuti "mwabwerako amayi?" kapena "mwaweruka?" kenako "kumunda kunali bwanji?" Iwo afotokoza okha, kaya chiswe chagwetsa chimanga, kaya ngolo sinabwere. "Mwaswera bwanji" mumusunge mpaka dzuwa litapendeka, monga iwo akachokera kocheza kapena inu mukachokera kuchigayo. Ngati mwaswera limodzi pabwalo mukutonola chimanga, palibenso chofunsana, mwaona nokha mmene aswerera. Mukangodutsana pabwalo, "zikomo" kapena "wawa" akwanira.

Ndipo tcherani khutu mmene akazi anzanu a pamudzipo amalankhulira ndi apongozi. M'midzi ina sanena "mwadzuka bwanji amayi", amati "adzuka bwanji amayi?" ngati akufunsa za munthu wina, ndipo poyankha amati "tadzuka bwino, kaya iwo?" Umenewo ndi ulemu woposa. Ngati ndi mmene amachitira kumeneko, tsatirani.

Nyasulu_Mzuzu
Apa ndiye ndikugwirizana nanu amayi. Kwathunso mlendo sapatsidwa moni ali chiimire.

Chimz_25
Koma zonsezi ndi za kumudzi. Ku ofesi kwathu ndikalowa 12:30 ndinena "mwaswera bwanji" ndipo palibe adzandiyang'ane kawiri.

MphunzitsiWopuma
Ku ofesi n'zoona, chifukwa simunagone pakhomo limodzi ndi anthuwo, ndipo tsiku la ku ofesi limadulidwa ndi wotchi, nthawi ya nkhomaliro ikakwana onse amadziwa. Usiku wa mnzanu wa ku ofesi si ngongole yanu monga ulili usiku wa apongozi. Komabe ngati mnzanuyo dzulo anaweruka akudwala, kapena mukudziwa kuti mkazi wake ali m'chipatala, yesani kumufunsa kuti "mwagona bwanji kunyumba?" ngakhale ili 12:30, mudzaona kusiyana kwa yankho.

Mai_Tadala
Nanga munthu amene papita miyezi osaonana naye, mwakumana m'mawa? Ine ndimati "muli bwanji", koma mlamu wanga amati m'mawa ndi "mwadzuka" basi.

NaPhiri_Mitundu
Inu ndi amene mukulondola. Munthu wa miyezi itatu simungamufunse za usiku umodzi wokha. Yambani ndi "muli bwanji", mufunse ana, mufunse kumudzi. Akagona pakhomo panu, mawa lake ndi pomwe alowa mu "mwadzuka bwanji". Koma mutembenuzenso: amuna anu amene mwagona nawo nyumba imodzi mukawauza m'mawa kuti "muli bwanji", adzafunsa kuti mwayambana liti.

Gogo_wa_Mbare
Ine ndimaphatikiza, "mwadzuka bwanji, muli bwanji masiku onsewa?" Sindikuona kuti mlamuyo walakwa kwambiri.

Mtengwa_Dedza
Ndabweranso abale. Lero ndinadzuka tambala wachiwiri atalira, ndinawapeza akumanga chitenje pakhomo, zikwakwa zili m'dengu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Adzuka bwanji amayi?" chifukwa dzulo ndinamvetsera ndipo akazi a alamu anga amatero. Anati, "Tadzuka, kaya inu ndi mwana?" Ndinawafotokozera kuti wagona tulo mpaka kucha, thupi lazizira. Anati ndikamupatsa mankhwala a m'mawa ndimubereke ndiwatsatire kumunda wa kudambo, ndikatenge ndi nkhwani zamasana. Ndikunyamuka tsopano.

Namwino_Usiku
Amalize mankhwala onse ngakhale akusewera, musasiyire panjira. Ndipo langa lija la 3 koloko usiku likadalipo, amene ali ndi yankho andiuze, ndikulowanso usiku uno.